Ntchito yachitika, invoisi kulibe: ngongole yake ilowe liti m'mabuku?

Mwezi ukatha, kampani iliyonse imakhala ndi ngongole za mitundu iwiri kwa anthu amene amaigulitsa katundu kapena kuigwirira ntchito. Ina ndi yooneka: invoisi inabwera, inadindidwa, ili m'faelo, ndipo dzina la mwini wake lili m'leja. Ina ilibe pepala lililonse lofunira ndalama. Lole inanyamula katundu, madzi anatuluka pampopi mwezi wonse, makanika anakonza jenereta sabata yatha, koma palibe amene watumiza invoisi. Ngongole yachiwiriyi ndi yeniyeni ngati yoyamba ija, pakuti mwini wake adzabwera ndithu kudzafuna zake. Njira yoilowetsera m'mabuku pepala lisanafike ndi imene maakauntanti amaitcha akuruwo.

Maziko ake ndi achidule. Mabuku a kampani salembedwa potsata tsiku limene ndalama yatuluka ku banki, kapena tsiku limene pepala lafika pa desiki, koma potsata nthawi imene chinthucho chinachitika. Malamulo a IFRS, amene makampani akuluakulu m'Malawi amatsata, amafuna zimenezi, ndipo IFRS for SMEs ya makampani ang'onoang'ono imafunanso zomwezo. Lamulo la IAS 37 limasiyanitsa ngongole zitatu zimene anthu amakonda kuzisakaniza. Pali ngongole ya katundu kapena ntchito imene mwalandira ndipo invoisi yabwera kapena mtengo mwagwirizana kale polemba. Pali akuruwo, pamene mwalandira katundu kapena ntchito koma simunalipire ndipo invoisi sinafike. Ndiye pali pulovishoni, pamene kuchuluka kwa ndalama kapena nthawi yolipira sizikudziwika bwinobwino, monga mlandu umene uli kukhoti. Akuruwo nayo imafuna kuyerekeza, koma kukayika kwake n'kochepa kwambiri poyerekeza ndi pulovishoni, chifukwa chinthucho chachitika kale ndipo chikhoza kupimidwa.

Mawu amene akunyamula nkhani yonseyi ndi akuti "mwalandira". Ndikuona kuti zolakwa zambiri pa akuruwo zimachokera pa kuiwala mawu amenewa, ena posalemba zimene alandira, ena polemba zimene sanalandire.

Tiyerekeze kampani yopanga malata ku Kanengo mu Lilongwe. Yagulitsa malata kwa mwini hadiweya wa ku Mzuzu, ndipo mgwirizano ndi woti wogulitsa ndiye alipire mayendedwe. Kampaniyo yalemba ntchito mwini malole pa mtengo wa K60,000 pa tani iliyonse imene yatsitsidwa ku Mzuzu, VAT isanaikidwepo. Kumayambiriro kwa Juni inam'patsa LPO ya maulendo asanu ndi limodzi, lole iliyonse yonyamula matani 30, kutanthauza matani 180 a ndalama zokwana K10,800,000. Pofika pa 30 Juni, maulendo anayi afika ndipo madilivale noti ake asainidwa ndi wogula. Ulendo wachisanu unapakira masana a pa 30 Juni ndipo udzatsitsa pa 1 Julayi. Wachisanu ndi chimodzi sunayambe n'komwe. Mwini malole amalemba invoisi akapeza mpata, ndipo pakadali pano palibe chimene watumiza.

Akauntanti ali ndi manambala angapo patsogolo pake, ndipo imodzi yokha ndiyo yolondola. Akhoza kusalemba kanthu chifukwa invoisi kulibe. Akhoza kulemba K10,800,000 chifukwa ndi zimene zili pa LPO, ndipo LPO ndiyo pepala limene lili pafupi naye. Koma LPO ndi lonjezo chabe loti tidzagula. Siipanga ngongole mpaka winayo atachita mbali yake. Ngati mwini malole atasiya maulendo awiri otsalawo, kampani sidzam'lipira kanthu pa maulendowo. Nambala yoona ikuchokera pa madilivale noti anayi aja: matani 120 kuchulukitsa ndi K60,000, zimene zikupereka K7,200,000.

Ulendo wachisanu uja ndi wovutirako. Wina anganene kuti pofika pakati pa usiku wa pa 30 Juni lole inali itayenda gawo lina la msewu wa M1, choncho gawo la ntchito linali litachitika. Mfundoyo si yachabe, koma mgwirizano ukunena kuti malipiro ndi a tani imene yatsitsidwa, ndipo ngati malatawo amakhala a wogula pamene afika, ndiye kuti malonda a ulendo umenewu nawonso adzalembedwa mu Julayi. N'kwanzeru kuti mtengo wa mayendedwe upite mwezi umodzi ndi malonda amene wawatumikira. Chofunika n'chakuti kampani ikhale ndi lamulo limodzi pa katundu wa pamsewu ndipo ilitsate mwezi uliwonse, osasintha malinga ndi mmene phindu likuonekera.

Jenala ya pa 30 Juni, mmene imaonekera pa kompyuta, ili chonchi:

```
30/06  Dr Carriage outwards    7,200,000
       Cr Accrued expenses     7,200,000
```

Mzere woyamba ukuika mtengo wa mayendedwe pa ndalama zimene zawonongedwa mu Juni. Wachiwiri ukuonetsa ngongole. Taonani kuti ngongoleyo sikulowa mu akaunti ya mwini malole m'leja ya masapulaya. Leja imeneyo ndi ya mainvoisi okha, chifukwa ndi imene imayerekezedwa ndi sitetimenti ya sapulaya ndiponso ndi imene malipiro amachokera. Mukaikamo nambala yoyerekeza, tsiku lina wina adzailipira, kenako n'kudzalipiranso invoisi yeniyeni.

Kusiya jenala imeneyi si nkhani yaing'ono. Tinene kuti popanda mayendedwewa, phindu la Juni likuoneka kuti ndi K12,000,000. Phindu lenileni ndi K4,800,000. Bwana amene waona K12,000,000 akhoza kutsitsa mtengo wa malata kwa wogula wa ku Mzuzu uja poganiza kuti mpata ulipo, kapena kutulutsa ndalama zimene zili kale ndi mwini wake. Julayi akadzafika, mwezi umene mwina ntchito inayenda bwino udzaoneka ngati woluza, ndipo mafunso adzagwera anthu osalakwa. Mwezi umodzi ukanama, umanamizanso wotsatira.

Pa VAT pafunika kusamala. Kampani yolembetsedwa ku MRA, imene katundu wake amalipiritsa VAT, imabwezeredwa VAT imene yalipira pogula, koma pokhapokha ikakhala ndi invoisi ya msonkho yovomerezeka. Akuruwo si invoisi. Ndiye chifukwa chake pamwambapa talemba K7,200,000 yopanda VAT, ndipo palibe chimene chikulowa pa ritani ya VAT ya Juni kuchokera pa jenala imeneyi. VAT idzalembedwa invoisi ikadzafika. Koma kwa kampani imene singabwezeredwe VAT, kaya chifukwa sinalembetse kaya chifukwa zimene imagulitsa zilibe VAT mwalamulo, msonkhowo ndi gawo la mtengo, ndipo akuruwo iyenera kukhala ndi VAT yomwe. Mabungwe ambiri othandiza anthu, masukulu ndi zipatala ali m'gulu limeneli, ndipo akalemba nambala yopanda VAT amakhala achepetsa ngongole yawo.

Kulemba akuruwo ndi theka lopepuka la ntchito. Theka lolemera ndi kuichotsa pa nthawi yake, ndipo apa ndi pamene mabuku ambiri amaipira.

Njira yofala ndi yotembenuza jenala pa tsiku loyamba la mwezi wotsatira. Mapulogalamu monga Sage ali ndi malo osonyezera kuti jenala idzadzitembenuze yokha.

```
01/07  Dr Accrued expenses     7,200,000
       Cr Carriage outwards    7,200,000
```

Kuyambira pa 1 Julayi akaunti ya mayendedwe imakhala ndi kilediti ya K7,200,000, imene ikudikira invoisi. Tinene kuti invoisi yafika pa 18 Julayi. Mwini malole waika maulendo asanu pamodzi, matani 150 a K9,000,000, ndipo waonjezerapo K300,000 ya masiku awiri amene lole yake inakhala ikudikira kupakira ku Kanengo m'kati mwa Juni. Zonse ndi K9,300,000, VAT isanaikidwepo. Kalaliki wa mainvoisi sakufunika kudziwa za akuruwo. Akulemba invoisiyo monga mwa nthawi zonse, K9,300,000 ku mayendedwe, VAT ku akaunti yake, ndipo zonse pamodzi ku dzina la mwini malole. Tikachotsa kilediti ija pa K9,300,000, Julayi akutsala ndi K2,100,000. Mwa ndalama zimenezi, K1,800,000 ndi ya ulendo wachisanu, umene ndi wa Julayi ndithu, ndipo K300,000 ndi ya kudikira kuja. Ubwino wa njirayi ndi womwewo: aliyense akugwira ntchito yake mwachizolowezi, ndipo manambala akudzikonza okha.

Tsopano taganizirani kuti jenala sinatembenuzidwe. Juni wanyamula K7,200,000, Julayi wanyamula K9,300,000, zonse K16,500,000, pa ntchito imene mtengo wake weniweni ndi K9,300,000. Maulendo anayi aja awerengedwa kawiri, ndipo mu akaunti ya akuruwo mwatsala ngongole ya K7,200,000 imene palibe amene adzabwere kudzaifuna. Ngongole yotereyi imakhala momwemo miyezi, nthawi zina zaka, chifukwa palibe sapulaya amene amaimba foni kudandaula za ndalama zimene analandira kale.

Cholakwa china chimachokera mbali ina, ndipo chimagwira makamaka amene amadalira jenala yodzitembenuza yokha. Bwanji ngati Julayi watha invoisi isanabwerebe? Kompyuta inachotsa kale akuruwo pa 1 Julayi, koma ngongoleyo ikadalipo. Ngati palibe amene wakumbukira kuilembanso pa 31 Julayi, akaunti ya mayendedwe idzaonetsa ngati kampani yalandira K7,200,000 m'malo mowononga, phindu la Julayi lidzafufuma, ndipo ngongoleyo idzazimiririka m'mabuku. Pa 31 Julayi pafunika akuruwo yatsopano ya zonse zimene zachitika koma zisanalembedwe invoisi: maulendo anayi a Juni, wachisanu, ndiponso wachisanu ndi chimodzi ngati wafika. Akuruwo ya mwezi uliwonse imamangidwa pa ngongole yonse imene ilipo tsiku lotseka, osati pa ntchito ya mwezi wokhawo.

Pali njira yachiwiri, yosatembenuza. Akuruwo imakhala momwemo, ndipo invoisi ikafika, K7,200,000 yake imalembedwa molunjika ku akaunti ya akuruwo kuti iifafanize, K2,100,000 yotsalayo n'kupita ku mayendedwe. Mathero ake ndi amodzimodzi. Njirayi imateteza ku vuto la invoisi yochedwa miyezi iwiri, koma imafuna kuti wolemba invoisi adziwe kuti akuruwo ilipo ndipo agawe nambala molondola. M'kampani yaing'ono, mmene munthu mmodzi amachita zonse, imayenda bwino. Pamene olemba ndi angapo, ine ndimasankha yotembenuza, bola pakhale ndandanda imene imayang'anidwa mzere ndi mzere mwezi uliwonse. Choopsa kwambiri ndi kusakaniza njira ziwirizi pa ngongole imodzi. Jenala ikadzitembenuza, kenako kalaliki n'kulembanso invoisi ku akaunti ya akuruwo, akauntiyo imatsala ndi debiti, ndipo mayendedwe a miyezi iwiriyo pamodzi amaoneka ngati K2,100,000 yokha.

Tibwerere ku K300,000 ija, pakuti ikufunsa funso limene limabwera mwezi uliwonse: invoisi ikasiyana ndi zimene tinayerekeza, kodi titsegulenso mwezi wotsekedwa? Lamulo la IAS 8 limasiyanitsa kusintha kwa chiyerekezo ndi cholakwa. Ngati munagwiritsa ntchito zonse zimene zinkadziwika pa nthawiyo ndipo nambala yeniyeni yabwera yosiyana, kusiyanako kumalembedwa mu nthawi imene kwadziwika. Ngati umboni unalipo koma simunaufunefune, chimenecho ndi cholakwa, ndipo chikakhala chachikulu moti chingasinthe maganizo a wowerenga mabuku, nthawi yakaleyo imakonzedwa. Pa chitsanzo chathu, ngati woyang'anira sitolo anasaina pepala la dalaivala lovomereza kuti lole inadikira masiku awiri, umboni unalipo mu Juni momwemo, kungoti sunafike ku ofesi ya maakaunti. Komabe K300,000 pa ngongole ya mamiliyoni asanu ndi awiri, m'mabuku a mwezi amene amawerengedwa ndi mabwana a m'kati okha, siyoyenera kutsegulira Juni. Ipite mu Julayi ndi kamzere kofotokoza, ndipo woyang'anira sitolo auzidwe kuti mapepala otere azitumiza.

Zinthu zimasintha ngati 30 Juni ndi tsiku lotsekera chaka. Mabuku a chaka savomerezedwa msanga. Pamapita masabata kapena miyezi. Lamulo la IAS 10 limati chimene chadziwika chaka chitatha koma mabuku asanavomerezedwe, ngati chikupereka umboni wa mmene zinthu zinalili pa tsiku lotseka, chimasintha manambala a chakacho. Invoisi ya pa 18 Julayi ndi umboni wotero. Akuruwo ya chaka iyenera kukhala K7,500,000, kuphatikiza kudikira kuja, pamene K1,800,000 ya ulendo wachisanu ndi ya chaka chatsopano ngakhale ili pa pepala lomwelo. Deti la pa invoisi silinena chaka chimene mtengo uyenera kupita. Chimene chimanena ndi deti limene ntchito inachitika.

Mayendedwe athu anali osavuta kupima chifukwa panali mtengo wolembedwa ndi madilivale noti. Zina zilibe zimenezo. Bilu ya madzi kapena ya magetsi olipira pambuyo kawirikawiri siyenderana ndi kalendala. Tinene kuti bilu yomaliza inali ya kuyambira pa 16 Meyi mpaka pa 15 Juni, masiku 31, ndipo inali K930,000. Pa tsiku ndi K30,000. Masiku 15 otsala a Juni akupereka akuruwo ya K450,000. Kuwerengera kotere kumagwira ntchito ngati fakitale yayenda mofanana. Ngati m'masiku amenewo makina anayenda usana ndi usiku, kapena mtengo wa magetsi wakwera, masiku sangakuuzeni zoona. Tumani munthu akawerenge mita pa tsiku lotseka, muchulukitse ndi mtengo umene ulipo. Magetsi a mayunitsi ogula kale alibe akuruwo, chifukwa ndalama inatuluka magetsi asanagwiritsidwe ntchito.

Umboni uli ndi magawo ake. Wabwino koposa ndi kuchuluka kosainidwa kuchulukitsa ndi mtengo wa pa mgwirizano. Wotsatira ndi mawu olembedwa a sapulaya mwini wake, ngakhale uthenga wachidule wonena ndalama zimene adzafuna pa ntchito ya mpaka pa 30. Ndimadabwa kuti maakauntanti ambiri safunsa, pamene kufunsa kumatenga mphindi zochepa ndipo kumachititsanso kuti invoisi ibwere msanga. Pambuyo pake pamabwera mabilu a miyezi yapita. Bajeti siili pa mndandanda umenewu, chifukwa bajeti imanena zimene tinkafuna kuwononga, sinena zimene tawononga.

Pa katundu wogwirika, monga makoyilo a chitsulo amene kampani yathu imapangira malata, pepala lalikulu ndi GRN, limene wa kusitolo amalemba katundu akalowa. Pamenepa debiti siipita ku ndalama zowonongedwa koma ku sitoko, popeza chitsulocho chikadali m'nyumba yosungira. Mayendedwe obweretsera chitsulocho ku fakitale nawonso ndi gawo la mtengo wa sitoko malinga ndi IAS 2, mosiyana ndi mayendedwe opititsira malata kwa wogula. Vuto limabwera powerenga sitoko. Ngati makoyilo awerengedwa pa 30 Juni chifukwa ali pansi pooneka, koma ngongole yake sinalembedwe chifukwa invoisi kulibe, kampani ikuonetsa chuma chimene sinachilembe kuti inachigula, ndipo phindu limakwera ndi mtengo wonse wa makoyilowo. Mapulogalamu akuluakulu amalemba okha ngongoleyi GRN ikangolowetsedwa, mu akaunti imene imaoneka ngati GRNI kapena GR/IR, ndipo imafafanizika invoisi ikalumikizidwa ndi GRN yake. Amene ali ndi pulogalamu yotere asaonjezerepo jenala ya pamanja pa katundu yemweyo. Asamalenso invoisi imene yalembedwa popanda kuilumikiza ndi GRN, chifukwa imasiya ngongole yakale ili chikhalire.

Akuruwo ya ndalama zakunja ili ndi khalidwe lakelake, ndipo a ku Malawi analiona bwino mu Novembala 2023, pamene Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa pafupifupi K1,700. Tiyerekeze kuti pa 31 Okutobala chaka chimenecho kampani inali ndi akuruwo ya madola 10,000 kwa wothandiza kutulutsa katundu pa doko la Beira. M'mabuku inali K11,800,000. Pa 30 Novembala, invoisi isanabwere, ngongole yomweyo inali K17,000,000. Lamulo la IAS 21 limafuna kuti ngongole yolipidwa m'ndalama zakunja iwerengedwenso pa mtengo wa tsiku lotseka. K5,200,000 yoonjezerekayo si mtengo wa ntchito ya ku doko, koma kuluza kwa pa kusintha ndalama, ndipo ipite ku akaunti yake. Jenala yodzitembenuza siidziwa kusiyana kumeneku. Invoisi ikalowa pa mtengo watsopano, kuluza konseko kumabisala mu mtengo wa katundu kapena wa mayendedwe. Choncho ndandanda ya akuruwo iyenera kusunga nambala ya madola, osati ya makwacha yokha.

Mpaka pano takamba za anthu olakwitsa mosadziwa. Koma akuruwo ndi malo amene munthu wofuna kupotoza mabuku amawakonda, chifukwa ndi jenala imene ilibe pepala la munthu wakunja kumbuyo kwake. Nkhani yodziwika kwambiri ndi ya WorldCom, kampani ya matelefoni ya ku America imene inagwa mu 2002. Kampaniyi inkalipira makampani ena a matelefoni pogwiritsa ntchito mawaya awo, ndipo mabilu ankabwera patapita miyezi. Mwezi uliwonse inkayerekeza mtengowo n'kulemba akuruwo, monga mmene tachitira ndi mwini malole. Phindu litayamba kuchepa, akuluakulu anayamba kulamula kuti maakuruwo achotsedwe popanda kufufuza ngati ngongolezo zinalidi zitatha. Kafukufuku amene anachitika pambuyo pake anapeza kuti mu 1999 ndi 2000 anachotsa mwa njira imeneyi pafupifupi madola 3.3 biliyoni. Zosungidwazo zitatha, anatembenukira ku chinyengo china cholemba mtengo womwewo ngati chuma cha kampani.

Zazing'ono za mtundu womwewo zimachitika paliponse. Mwezi ukayenda bwino, wina amaonjezera pang'ono pa akuruwo kuti asungire mwezi woipa. Dipatimenti imene yatsala ndi bajeti chaka chikutha imapempha kuti ilembedwe akuruwo ya ntchito yokonza denga imene idzayamba mwezi wamawa. Bungwe lothandiza anthu limene pulojekiti yake ikutha, ndalama za dona zitatsala, limalemba akuruwo ya maphunziro amene sanachitike poopa kubweza ndalamazo. Ndimamvetsa mantha amene ali kumbuyo kwa zimenezi, makamaka pa bungwe limene likuona kuti ntchito yabwino ithera panjira, koma denga limene silinakonzedwe si ngongole, ndipo maphunziro amene sanachitike palibe amene angawafunire malipiro. Akauntanti amene wasaina jenala yotere walemba chinthu chimene akudziwa kuti sichinachitike. Njira yoona ndi kupempha dona kuti aonjezere nthawi ya pulojekiti.

Chimene chimagwira zonsezi, zolakwa ndi zadala zomwe, ndi ndandanda imodzi yosamalidwa bwino. Mzere uliwonse ukhale ndi dzina la sapulaya, chimene chinalandiridwa ndi deti lake, mmene nambala inapezekera, pepala limene likuichirikiza, mwezi umene inalembedwa koyamba, ndiponso invoisi imene inadzaifafaniza. Zonse zikaphatikizidwa zifanane ndi nambala ya mu leja mpaka pa tambala. Mzere umene ulibe dzina la munthu woti alipidwe, wongolembedwa kuti "zina ndi zina", ndi woyamba kuufunsa. Wachiwiri ndi umene wakhala miyezi itatu osasuntha. Mwina invoisi inabwera kalekale n'kulembedwa kwina, mwina ntchitoyo sinachitike, mwinanso invoisi ili m'dirowa la bwana wa dipatimenti amene akukangana ndi sapulaya. Ukalamba wokha si chifukwa chochotsera mzere, pakuti sapulaya wochedwa kulemba invoisi sanakhululuke ngongole. Muimbireni, ayankhe polemba, kenako musankhe chochita.

Leja nayo imadziulula kwa amene amaiyang'ana miyezi ingapo motsatizana. Mtengo wa madzi, alonda kapena lendi umene mwezi wina uli ziro, wotsatira n'kukhala wowirikiza, ukusonyeza akuruwo imene inaiwalika. Akaunti ya zowonongedwa imene yatha mwezi ili ndi kilediti ikusonyeza jenala imene inatembenuka invoisi isanabwere. Akaunti ya akuruwo imene ikungokwera mwezi ndi mwezi pamene malonda sakukula ikusonyeza kuti zolembedwa sizikuchotsedwa. Maodita pakutha kwa chaka amayambira mbali ina: amatenga malipiro ndi mainvoisi a masabata otsatira tsiku lotseka, n'kufunsa pa chilichonse kuti ntchitoyo inachitika liti ndipo ngati inali ya chaka chatha, ili pati m'mabuku. Amayerekezanso masitetimenti a masapulaya ndi leja. Palibe choletsa kampani kudzichitira yokha kafukufuku yemweyo mwezi uliwonse, m'masiku atatu kapena asanu oyamba, mabuku asanatsekedwe.

Sikuti kangongole kalikonse kalembedwe. Kampani ikhoza kudziikira malire, monga kuti chilichonse chosakwana K100,000 chidikire invoisi yake, ndipo mabilu ang'onoang'ono amene amafanana mwezi uliwonse sasintha kanthu ngakhale atachedwa ndi mwezi, bola chaka chikhale ndi mabilu 12. Malirewo alembedwe, agwirizane ndi kukula kwa kampani, ndipo atsitsidwe potseka chaka. Munthu ayang'anenso ngati tating'onoting'ono tosiyidwato, tikaphatikizidwa, sitikupanga nambala yaikulu.

Pomaliza pali vuto limene ofesi ya maakaunti singalithetse yokha. Umboni wa zimene kampani yalandira suli pa desiki ya akauntanti. Uli m'buku la mlonda pa geti, m'buku la GRN kusitolo, m'thumba la dalaivala, ndiponso m'mutu mwa woyang'anira makina amene anaitana makanika Loweruka popanda LPO. Zogulidwa popanda LPO ndi zimene zimasowa kwambiri, chifukwa palibe chilichonse mu kompyuta chimene chingakumbutse munthu kuti zilipo. Choncho tsiku lomaliza la mwezi, bwana wa dipatimenti iliyonse afunsidwe polemba kuti ndi katundu uti kapena ntchito iti imene alandira mwezi uno imene invoisi yake sanaitumize, ndipo ayankhe ngakhale yankho litakhala loti palibe. Nambala ya GRN yomaliza ya mweziwo ilembedwe ndi kusainidwa tsiku lomwelo, kuti pasadzakhale mkangano wa katundu amene analowa pa 30 ndi amene analowa pa 1. Ku kampani yathu ya malata, funso limeneli likanafunsidwa kwa woyang'anira sitolo, pepala la masiku awiri odikira lija likanafika mu Juni, ndipo akuruwo ikanakhala K7,500,000 kuyambira pachiyambi.